Peresenti ya chiyani? Funso lomwe limamasula masamu a bizinesi

Mu Novembala 2023, Banki Yaikulu ya dziko la Malawi inalengeza kuti dola imodzi ya ku America, yomwe inkagulitsidwa pafupifupi K1,180, iyamba kugulitsidwa pa K1,700. Mawailesi ndi manyuzipepala anati kwacha yagwa ndi 44 peresenti, ndipo nambala imeneyo inakhazikika pakamwa pa aliyense.

Tiyeni tiiwerengere bwino nkhaniyi. Mtengo wa dola unakwera ndi K520. Tikagawa K520 ndi mtengo wakale, K1,180, tipeza 44 peresenti. Choncho n'zoona kuti dola inakwera mtengo ndi 44 peresenti. Koma taonani munthu amene anali ndi K100,000 m'thumba. Poyamba ndalama imeneyo inkagula madola pafupifupi 85, koma pamtengo watsopano inagula madola pafupifupi 59. Iye anataya madola 26 pa madola 85, komwe ndi pafupifupi 31 peresenti. Chochitika n'chimodzi, koma mayankho ndi awiri, ndipo onse ndi olondola. Kusiyana kwake kwagona pa funso limodzi lokha: peresenti imeneyi ndi ya chiyani?

Funso lomweli ndi limene limagwetsa ophunzira ambiri pa mayeso a masamu a bizinesi, kaya ndi kusekondale, kukoleji, kapena pa mayeso a za akaunti monga a bungwe la ICAM. Ambiri mwa olepherawo amadziwa kuchulukitsa ndi kugawa, mafomula anawaloweza, kakyuleta ali nayo m'manja. Chimene chimawavuta ndi kachigawo kapakati, pomwe nkhani yolembedwa m'mawu iyenera kusanduka mzere wa manambala. Wophunzira akaona manambala awiri m'funso, dzanja limathamangira ku kakyuleta mutu usanafunse kuti manambalawo akuimira chiyani. Mayeso amenewa amalembedwa m'Chingerezi, koma msamphawo suli m'chinenero chokha ayi. Mafunso omwe tione m'munsimu ali m'Chichewa, ndipo muona kuti msampha udakalipo.

Pezani tsinde musanagwire kakyuleta

Peresenti siima payokha. Munthu akanena kuti 25 peresenti, wanena theka la nkhani, chifukwa tiyenera kudziwa chinthu chomwe chagawidwa magawo 100 n'kutengapo magawo 25. Chinthu chimenecho tichitche tsinde. Tsinde ndiye 100 peresenti, ndipo ntchito yoyamba pa funso lililonse n'kulipeza.

Mayi wina wapikula thumba la mpunga pa K40,000 ndipo waligulitsa pa K50,000. Phindu lake ndi K10,000, apa palibe wotsutsa. Koma funso likati, "Pezani phindu ngati peresenti ya mtengo wogulira," tsinde ndi K40,000, ndipo K10,000 kugawa ndi K40,000 ndi 25 peresenti. Likati, "Pezani phindu ngati peresenti ya mtengo wogulitsira," tsinde lasamukira pa K50,000, ndipo yankho ndi 20 peresenti. Thumba ndi lomwelo, ndalama ndi zomwezo. Chasintha ndi mawu omwe abwera pambuyo pa kamawu koti "ya". Pa bizinesi miyezo yonse iwiriyi imagwira ntchito: woika mitengo amawerengera pa ndalama yomwe anagulira katundu, pomwe wolemba mabuku a akaunti kawirikawiri amawerengera pa ndalama yomwe yalowa pogulitsa. N'chifukwa chake olemba mayeso amakonda kuyesa ngati wophunzira akusiyanitsa.

Pali zizindikiro zothandiza kupeza tsinde. Chinthu chikakwera kapena kutsika, tsinde ndi mmene chinalili poyamba. Zinthu ziwiri zikamayerekezedwa, tsinde ndi chomwe chatchulidwa pambuyo pa mawu oti "kuposa" kapena "poyerekeza ndi". Ngati sitolo yoyamba imagulitsa shuga modula ndi 25 peresenti kuposa yachiwiri, tsinde ndi mtengo wa sitolo yachiwiri. Sizitanthauza kuti yachiwiriyo ndi yotchipa ndi 25 peresenti. Ngati yachiwiri imagulitsa pa K4,000, yoyamba ikugulitsa pa K5,000, ndipo K1,000 pa K5,000 ndi 20 peresenti.

Tsinde likapezeka, chotsatira n'kusandutsa mawu a kukwera kapena kutsika kukhala nambala imodzi yochulukitsira. Kukwera ndi 20 peresenti ndiko kukhala ndi 100 yakale kuphatikiza 20, choncho timachulukitsa ndi 1.20. Kutsika ndi 20 peresenti ndiko kutsala ndi 80 pa 100, choncho timachulukitsa ndi 0.80. Njira imeneyi imaoneka yaing'ono, koma imaulula zinthu zomwe maso sangaone msanga. Mtengo wa K10,000 ukakwera ndi 20 peresenti, kenako n'kutsika ndi 20 peresenti, ambiri amaganiza kuti wabwerera pomwe unali. Koma 10,000 × 1.20 ndi 12,000, ndipo 12,000 × 0.80 ndi 9,600. Kutsikako kunawerengeredwa pa tsinde lalikulu kuposa loyamba, n'chifukwa chake K400 yasowa.

Funso likabisa tsinde

Mafunso omwe amadya mamalikisi ambiri ndi aja omwe satchula tsinde, koma amakupatsani zotsatira zake n'kukuuzani kuti mubwerere m'mbuyo. Chitsanzo chabwino ndi msonkho wa VAT, womwe kwa zaka zambiri ku Malawi unali pa 16.5 peresenti.

Funso likuti: "Sitolo yagulitsa makina osokera pa K233,000, kuphatikizapo msonkho wa 16.5 peresenti. Pezani mtengo wa makinawo msonkho usanaikidwe."

Wophunzira wapupuluma amaona K233,000 ndi 16.5 peresenti, n'kuzikwatitsa nthawi yomweyo. Amapeza K38,445, amachotsa pa K233,000, ndipo amalemba K194,555. Masamu ake onse ayenda bwino, koma yankho ndi lolakwika, chifukwa msonkho suwerengeredwa pa mtengo womwe uli kale ndi msonkho. Mawu oti "kuphatikizapo" akutiuza kuti K233,000 si 100 peresenti, koma ndi 116.5 peresenti. Tsinde ndi nambala yomwe sitikuidziwa, yomwe funso likufuna.

Njira yabwino n'kulemba nkhaniyo m'chiganizo chimodzi chachidule musanaike nambala: mtengo woyamba, kuchulukitsa ndi 1.165, wapereka K233,000. Chiganizochi chikalembedwa, njira imaoneka yokha. Kuti tibwerere m'mbuyo tigawa: 233,000 ÷ 1.165 ndi 200,000. Makinawo anali pa K200,000, ndipo msonkho ndi K33,000.

Ubwino wa mafunso otere ndi woti mukhoza kudzichonga nokha m'chipinda cha mayeso. Tengani yankho lanu, liyendetseni m'nkhaniyo kuchokera poyambira. K200,000 mukaikapo 16.5 peresenti mufika pa K233,000 ndendende. K194,555 ija mukaikapo msonkho womwewo mufika pafupifupi pa K226,657, yomwe si nambala ya m'funso. Kuchonga kumeneku sikutenga ngakhale mphindi imodzi.

Mawu ena omwe amachenjeza kuti tsinde labisika ndi monga "atachotsera", "atakweza", "atadula msonkho" ndi "anatsala ndi". Funso likati malipiro a munthu afika pa K330,000 atawakweza ndi 10 peresenti, K330,000 ndi 110 peresenti, ndipo malipiro akale apezeka pogawa ndi 1.10, komwe ndi K300,000.

Resho: ndalama yatchulidwayi ndi magawo angati?

Resho ndi njira yonenera mmene zinthu zagawidwira: uyu magawo atatu, uyo magawo asanu, zomwe zimalembedwa 3:5. Manambala amenewa si makwacha, ndi magawo. Choncho funso lonse la resho limadalira kupeza mtengo wa gawo limodzi.

Kusukulu ambiri anazolowera mtundu umodzi wa funso. Phindu la K800,000 ligawidwe pa resho ya 3:5. Timaphatikiza 3 ndi 5 n'kupeza magawo 8, gawo limodzi ndi K100,000, woyamba alandira K300,000, wachiwiri K500,000. Njirayi ndi yolondola, koma imakhala chizolowezi choopsa, chifukwa wophunzira amayamba kuphatikiza magawo n'kugawa nawo ndalama iliyonse yomwe waona.

Taonani funso ili: "Anthu awiri agawana phindu pa resho ya 3:5. Wachiwiri walandira K150,000 kuposa woyamba. Kodi phindu lonse linali ndalama zingati?"

Wachizolowezi agawa K150,000 ndi 8. Koma K150,000 si phindu lonse, ndi kusiyana kwa zomwe awiriwo alandira. Kusiyana kwa magawo 5 ndi magawo 3 ndi magawo awiri. Choncho magawo awiri ndi K150,000, gawo limodzi ndi K75,000, ndipo magawo onse 8 ndi K600,000. Kuchonga: woyamba alandira K225,000, wachiwiri K375,000, ndipo akusiyana ndi K150,000.

Apa funso loti "peresenti ya chiyani" langosintha malaya. Tsopano tikufunsa kuti, ndalama yomwe yatchulidwayi ikuimira magawo angati? Ikhoza kuimira magawo onse, ikhoza kuimira magawo a munthu mmodzi, ikhozanso kuimira kusiyana kwa anthu awiri. Mukayankha zimenezo, zotsalazo ndi kugawa ndi kuchulukitsa basi.

Nthawi zina resho simupatsidwa, muyenera kuipanga nokha kuchokera m'nkhani. Izi zimachitika kawirikawiri m'mafunso a anthu ochitira bizinesi limodzi. Bambo wina waika mpamba wa K600,000 chaka chitangoyamba. Mnzake waika K900,000, koma walowa kutatsala miyezi inayi kuti chaka chithe. Funso likuti phindu ligawidwe molingana ndi mpamba komanso nthawi yomwe ndalama yakhala m'bizinesi. Woyang'ana mpamba wokha alemba 2:3, n'kupatsa wobwera mochedwa gawo lalikulu. Koma ndalama ya woyamba yagwira ntchito miyezi 12, ndipo 600,000 × 12 ndi 7,200,000. Ya wachiwiri yagwira miyezi inayi, ndipo 900,000 × 4 ndi 3,600,000. Resho yoona ndi 2:1, mokomera woyamba. Amayi a banki mkhonde amaidziwa bwino mikangano yomwe imabuka pogawana ndalama pakutha pa chaka, ndipo gwero la mikangano yotere nthawi zambiri limakhala kusagwirizana pa chomwe magawo akuwerengeredwa.

Samalaninso ndi dongosolo la mayina. Funso likati resho ya ndalama zolowa ndi zotuluka ndi 7:4, nambala yoyamba ndi ya chinthu chomwe chatchulidwa poyamba. Lembani dzina pamwamba pa nambala iliyonse, ndipo simudzatembenuza.

Chiwongoladzanja choberekana: tsinde lomwe limayenda

Pa chiwongoladzanja wamba, tsinde silisuntha. Mukasungitsa K500,000, chiwongoladzanja cha chaka chilichonse chimawerengeredwa pa K500,000 yomweyo. Pa chiwongoladzanja choberekana, zomwe mwapindula zimaphatikizidwa ku mpamba, ndipo ulendo wotsatira nazonso zimapindula. Zili ngati khola la mbuzi momwe ana obadwa chaka chino nawonso amadzabereka. Fomula yake ndi iyi:

```
A = P(1 + i)^n
```

P ndi mpamba woyambira, A ndi ndalama zonse pamapeto. Pomwe ophunzira amagwera ndi pa zilembo ziwiri zotsalazo. Ambiri analoweza kuti i ndi chiwongoladzanja cha pachaka ndipo n ndi zaka. Zimenezo n'zoona pokhapokha ngati chiwongoladzanja chikuphatikizidwa kamodzi pachaka. Tanthauzo lenileni ndi ili: n ndi kuchuluka kwa maulendo omwe chiwongoladzanja chaphatikizidwa ku mpamba, ndipo i ndi chiwongoladzanja cha ulendo umodzi. Ziwirizi ziyenera kuyendera muyezo umodzi wa nthawi.

Tiyeni tiyende ndi funso limodzi mpaka kumapeto. "Wamalonda wasungitsa K500,000 kubanki pa chiwongoladzanja cha 24 peresenti pachaka, chomwe chimaphatikizidwa ku mpamba miyezi itatu iliyonse. Pezani chiwongoladzanja chomwe adzakhale atapeza pakatha miyezi 18."

M'funsoli muli miyezo itatu ya nthawi: chaka, miyezi itatu ndi miyezi 18. Wolamulira ndi wapakatiyo, chifukwa ndiwo ukunena nthawi yomwe tsinde limasintha. Miyezi itatu imalowa kanayi m'chaka, choncho 24 peresenti tiigawa panayi, ndipo ulendo uliwonse ndi 6 peresenti. Ndiye kuti i ndi 0.06. Miyezi itatu imalowa ka 6 m'miyezi 18, choncho n ndi 6.

Tisanagwiritse ntchito fomula, tione chomwe chikuchitika ku ndalamayo. Miyezi itatu yoyamba ikatha, banki iwonjezera 6 peresenti ya K500,000, yomwe ndi K30,000, ndipo mpamba ufika pa K530,000. Ulendo wachiwiri 6 peresenti ija iwerengeredwa pa K530,000, n'kupereka K31,800, ndipo mpamba ufika pa K561,800. Ulendo wachitatu ufika pa K595,508. Ulendo uliwonse tikuchulukitsa ndi 1.06, ndipo fomula ija ikungonena mwachidule kuti chitani zimenezi ka 6:

```
A = 500000 × 1.06^6 = 709259.56
```

Wophunzira akaona nambala imeneyi amasangalala, amaidula mzere kunsi, n'kupita ku funso lina. Koma bwererani ku mawu otsiriza a funso. Silinafunse ndalama zonse, lafunsa chiwongoladzanja. Fomula imapereka mpamba ndi chiwongoladzanja pamodzi, choncho tiyenera kuchotsa K500,000 yoyamba ija. Yankho ndi K209,259.56.

Nanga munthu angadziwe bwanji kuti wasochera? Njira yachangu n'kuwerengera chiwongoladzanja wamba, chomwe n'chosavuta ngakhale pamtima. Pa K500,000, 24 peresenti ndi K120,000 pachaka, ndipo chaka ndi theka ndi K180,000. Chiwongoladzanja choberekana chiyenera kuposa pamenepa, koma pa nthawi yochepa chonchi sichingapose kutali. K209,000 ikukhala bwino pambali pa K180,000. Tsono onani yemwe waiwala kugawa 24 panayi, n'kuika 1.24 m'malo mwa 1.06 uku n ali pa 6. Kakyuleta imupatsa ndalama yoposa K1,800,000. Palibe 24 peresenti ya pachaka yomwe ingachulukitse ndalama koposa katatu m'chaka ndi theka. Amene wayamba wayerekeza amaona nthawi yomweyo kuti pena palakwika.

Cholakwa china chaching'ono koma chodula ndicho kufupikitsa manambala msanga. 1.06 ikachulukitsidwa ka 6 imapereka 1.418519 ndi timanambala tina. Wina akaifupikitsa kukhala 1.42 apeza K710,000, ndipo wasiyana ndi yankho loona ndi ndalama yoposa K700. Siyani manambala onse mu kakyuleta, mufupikitse pa mzere womaliza wokha.

Fomula yomweyi imagwiranso ntchito chinthu chikamatsika mtengo. Funso likati galimoto ya kampani imatsika ndi 20 peresenti chaka chilichonse pa mtengo womwe yatsala nawo, chochulukitsira ndi 0.80. Galimoto ya K10,000,000 pakatha zaka zitatu idzakhala pa 10,000,000 × 0.80 × 0.80 × 0.80, komwe ndi K5,120,000. Mawu oti "pa mtengo womwe yatsala nawo" ndiwo akunena kuti tsinde likuyenda. Funso likanati "pa mtengo wogulira", bwenzi tikuchotsa K2,000,000 chaka chilichonse n'kutsala ndi K4,000,000.

Zolemba papepala kakyuleta isanayake

Mafunso onsewa, ngakhale amaoneka osiyana, amamasulidwa ndi dongosolo limodzi. Yambani ndi kuwerenga chiganizo chomaliza, kuti mudziwe chomwe chikufunidwa: ndalama zonse kapena phindu lokha, gawo la munthu mmodzi kapena la onse, mtengo wakale kapena watsopano. Kenako tengani nambala iliyonse ya m'funso, muilembe ndi dzina lake pambali. Musangolemba 233,000, lembani "mtengo wokhala ndi msonkho, 116.5 peresenti". Musangolemba 150,000, lembani "kusiyana, magawo awiri". Musangolemba 24, lembani "pachaka, ndiye 6 pa miyezi itatu". Mukatero, nkhani yonse imalowa m'chiganizo chimodzi chomwe chili ndi malo amodzi okha opanda nambala, ndipo malo amenewo ndiwo yankho.

Kulemba kotereku kuli ndi phindu linanso. Pa mayeso a masamu olemba, ochonga amayang'ananso njira yomwe wophunzira wayenda, osati yankho lokha. Amene waonetsa kuti i ndi 0.06 ndipo n ndi 6, ngakhale chala chitaterereka pa kakyuleta, amakhala ndi pogwira. Amene wangolemba nambala imodzi yolakwika sapatsa wochonga chilichonse choti amuganizire nacho.

Kwa aphunzitsi ndi makolo omwe amathandiza ana kukonzekera mayeso, pali njira yoyeserera yomwe imalunjika pa vuto lenilenilo. Tengani mafunso khumi a m'mapepala akale, bisani kakyuleta, ndipo muuze wophunzira kuti asapeze yankho ngakhale limodzi. Ntchito yake ikhale kutchula tsinde ndi kulemba mzere wa masamu womwe akanawerengera. Mufunseni afotokoze nkhaniyo m'Chichewa ngati akuuza wogulitsa pamsika: ndani wapereka ndalama, zingati, kwa nthawi yotalika bwanji, ndipo peresentiyo ikudulidwa pa ndalama iti. Akalephera kufotokoza, ndiye kuti funso sanalimve, ndipo fomula singamupulumutse.

Luso limeneli silithera m'chipinda cha mayeso. Lisiti la m'sitolo, kalata ya malipiro, fomu ya ngongole ndi mawu a wakatapila, zonsezi ndi mafunso a masamu olembedwa m'mawu. Wobwereketsa akati chiwongoladzanja chake ndi 5 peresenti yokha pamwezi, ndipo chosabwezedwa chimaphatikizidwa ku ngongole, pakatha chaka osabweza kanthu ngongoleyo imakhala itakwera ndi pafupifupi 80 peresenti, osati 60. Choncho musanalembe yankho papepala la mayeso, komanso musanasaine pepala lililonse la ndalama, funsani mafunso atatu: peresenti imeneyi ndi ya chiyani, ndi ya nthawi yotalika bwanji, ndipo kodi tsinde lake likuima kapena likuyenda?